Masamba Asanu ndi Awiri a Jossias

Pali chinthu chimodzi chimene sindinachimvetse mwa Jossias Fanuel, ngakhale tinadziwana tili anyamata a makabudula a kaki ku mishoni ya Massangulo. Anthu onse amene ndakumana nawo pa ntchito yanga amafuna kukwera. Iye anakwera kwa zaka zoposa makumi atatu, kenaka anabwera kwa ine kudzapempha kuti ndimuthandize kutsika. Zifukwa zake anandiuza, ndipo ndizilemba monga anazinenera. Koma kumva ndi kumvetsa n'zosiyana.

Ine ndine Davide, kalaliki woona za antchito m'bungwe lina laling'ono. Ofesi yathu ili ku Cuamba, ndipo tili ndi nazale ziwiri za mitengo, ina ku Itepela, ina kufupi ndi Mandimba. Mbande timazipereka kwa alimi a fodya, amene chaka ndi chaka amafuna mitengo ya zigafa pomwe nkhalango yatsala pang'ono kutha. Malo a ntchito akapezeka, ndine ndimalemba chidziwitso, kulandira makalata, kuwasankhula, ndi kulembera mkulu wa bungwe mwachidule za anthu oyenera kuitanidwa.

Ku Massangulo kunali munda wa zipatso kuseri kwa nyumba za abambo ansembe, ndipo ankauyang'anira M'bale wina wa ku Italiya, wamfupi, wosalankhulalankhula. Ife ogonera pa mishoni tinkatunga madzi ndi zitini m'mawa belu lisanalire, n'kumathirira malalanje ndi mapeyala. M'baleyo sankayamikira munthu. Ukalakwitsa ankaima pambali pako n'kutsokomola. Ukachita bwino ankangodutsa. Pa ine ankaima pafupifupi tsiku lililonse. Pa Jossias sindikumbukira kuti anaimapo. Mnyamata ameneyo ankazula kambande kochepa ngati tsitsi ndi kamtengo kosongola, n'kukaika m'dothi lina muzu uli chiwongokere, ndipo mawa lake kankapezeka kataima ngati sikanasunthidwe. Ife tinkamunena kuti ali ndi zala za namwino. Iye ankangoseka, n'kupukuta manja pa kabudula.

Nkhondo inatibalalitsa. Ine ndinakhala zaka zingapo kutsidya kwa malire, cha ku Namwera. Jossias anapita ku sukulu ya zaulimi ku Chimoio, ndipo dzina lake ndinkangolimva kwa anthu: ali ku nkhalango za boma, wapita kunja kukaphunzira, tsopano ndi shefe, ndiko kuti bwana, pa kampani ina yodzala paini ndi bulugamu cha ku Lichinga. Kamodzi ndinamuona akudutsa pa Mandimba m'galimoto yoyera, atakhala kumbuyo. Sanandione, ndipo ine sindinakweze mkono.

M'nyengo yozizira ya chaka cha 2019 tinalengeza malo amodzi a wothandiza pa nazale ya ku Itepela. Tinkafuna munthu wofika kalasi la khumi, wodziwa Chinyanja kapena Chiyao, wotha kupalasa njinga kukafika kwa alimi. Ntchito yake inali kusefa dothi, kudzaza timatumba takuda, kufesa, kuthirira. Malipiro anali otsika kuposa ena onse m'bungwe. Panabwera maenivelopu oposa makumi asanu ndi limodzi, ambiri opyapyala, tsamba limodzi ndi chikalata cha sukulu. Imodzi inali yolemera ngati buku la nyimbo. Mkati munali kurikulo, ndiko kuti mbiri ya maphunziro ndi ntchito za munthu, ya masamba asanu ndi awiri, ndi zikalata khumi ndi zinayi zodindidwa bwinobwino. Zaka zisanu ndi zitatu pa nazale, kenaka woyang'anira minda, kenaka mkulu wa zodzala zonse wokhala ndi anthu mazana anayi pansi pake. Misonkhano ya ku Maputo, maphunziro a kunja, kabuku kophunzitsira ntchito ya nazale kamene analemba. Pamwamba pa zonsezo panali dzina la mnzanga.

Ndikamasankhula makalata ndimapanga milu itatu. Woyamba ndi wa okwanira, wachiwiri wa operewera. Wachitatu ndi waung'ono, wa anthu opitirira zimene tapempha, ndipo ndivomere kuti kawirikawiri mulu umenewo unkalowa m'kabati osaonekanso. Sinali nkhanza. Munthu wotere timamuopa pa zinthu zinayi: kuti akapeza zabwino athawa nyengo ya mbande ili pakati, kuti malipiro adzanyansidwa nawo, kuti sangamvere woyang'anira wamng'ono kwa iye, ndi kuti ntchito yobwerezabwereza imutopetsa. Koma ndinali nditaphunzira mochedwa kuti mantha anayiwo ndi mafunso chabe, ndipo pepala silingawayankhe. Amayankha ndi mwini wake. Ndinaimba nambala imene inali pa tsamba loyamba.

Anabwera patapita masiku awiri, pa minibasi imene kuno timati shapa, atavala jekete yakale ndi nsapato zafumbi. Tinakhala pa khonde la kanyumba ka tiyi moyang'anana ndi siteshoni ya sitima. Poyamba tinkalemekezana ndi inu ngati akazembe, mpaka anandiyang'ana pamutu n'kufunsa kuti tsitsi ndinalisiya ku Namwera kapena ndinagulitsa. Kuyambira pamenepo tinabwerera ku iwe wa ku mishoni.

Ndinamufunsa ngati chidziwitso anachiwerenga bwino. Anati anachiwerenga katatu pa chitseko cha ofesi ya boma ku Ngauma. Ndinamuuza malipiro osawakometsa, ndipo anati ana ake anakula, mkazi wake anamwalira zaka zitatu zapitazo, ndipo mlongo wake ali ndi nyumba ku Itepela yokhala ndi chipinda chopanda munthu. Ndinamuuza kuti woyang'anira nazale ndi mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, dzina lake Flávia. Anafunsa ngati ntchito amaidziwa. Nditati amaidziwa, anati basi.

"Nanga ukuthawa chiyani?" ndinafunsa.

Anazunguliza kapu patebulo kanthawi. Anati kampani itayamba kuchepetsa minda, ndiye anapatsidwa ntchito yowerenga maina a ochotsedwa. Anawerenga katatu m'zaka ziwiri, ataimirira pa ngolo ya thirakitala, anthu atakhala pansi pa udzu. Ulendo wachinayi dzina lake linali pa mndandanda womwewo, ndipo anadabwa kuona kuti mtima wake wapepuka.

"Davide, papita zaka khumi ndi ziwiri ndisanagwire mbande ndi manja angawa," anatero. "Ndinkangosayina. Sindikufunanso kuti munthu adye kapena agone ndi njala chifukwa cha siginecha yanga. Ndikufuna wina azindiuza m'mawa kuti lero tidzaza matumba mazana asanu, ine n'kudzaza."

Anandiuzanso kuti masamba asanu ndi awiri aja anali atawatumiza kale m'malo asanu ndi limodzi, onse a ntchito zazing'ono, ndipo palibe anamuyankha. Choncho anali ndi nzeru ina. Ankafuna ndimubwezere envelopu, alembe tsamba limodzi lokha la zaka zake za pa nazale, zina zonse azifufute ngati sizinachitike.

Ndinakana. Ndinamufunsa kuti zaka zoposa makumi awiri zosowazo adzati anali kuti, m'ndende kapena kumwamba. Ndinamukumbutsa kuti kuchokera ku Lichinga mpaka ku Cuamba palibe msika umene angadutse popanda wina womutchula shefe, ndipo bodza la pa kurikulo likadziwika limachotsetsa munthu ntchito ngakhale ali wolimbikira chotani. Kufupikitsa n'kololedwa, kubisa ayi. Ndinamuuza zimene ndikanauza aliyense wondifunsa: masamba awiri akwanira. Pamwamba aike zimene ntchito iyi ikufuna, kusakaniza dothi, kukonza njere, kudulira mizu, kulankhula ndi alimi m'chinenero chawo. Maudindo akuluakulu awalembe onse ndi zaka zake zoona, koma uliwonse mzere umodzi, popanda misonkhano ndi maulendo. Ndipo alembe kalata yaifupi yoyankha mantha athu tisanawafunse: chifukwa chake akufuna ntchito yaing'ono, kuti malipiro akuwadziwa, kuti akhala nthawi yaitali bwanji.

"Ndiye ukuti ndivule jekete koma ndisalitaye," anatero.

"Ulipachike pa msomali poti aliyense alione."

Anaseka, nati ndikadali mnyamata uja amene M'bale ankamutsokomolera. Tsiku lotsekera makalata linali lisanafike, choncho analemba yekha, n'kubweretsa masamba awiri ndi kalata ya ndime zitatu.

Mkulu wa bungwe lathu ndi bambo Amisse, munthu wa ku Cuamba komweko, wachangu, wosagona pa mwayi. Ndinawauza kuti mmodzi mwa ofunsira ndi mnzanga wa ubwana, choncho pa mayeso sindidzapereka nawo mapointi. Kenaka ndinalemba chidule changa cha anthu asanu. Za Jossias ndinalemba kuti zofunika zonse ali nazo ndipo wapitirira kwambiri. Ndinatchula mantha anayi aja limodzi ndi mayankho ake. Ndinati zaka za munthu zisakhale chifukwa chomukanira kapena chomutengera, koma aonedwe manja ake pa ntchito monga ena onse. Ndipo ndinapempha kuti mawu omaliza akhale a Flávia, poti ndiye adzakhale naye tsiku ndi tsiku. Mpaka pamenepo ndinachita bwino.

Koma nditamaliza, ndinayang'ana masamba asanu ndi awiri aja ali patebulo, ndipo ndinamva chisoni kuti moyo wonse wa mnzanga ulowe m'kabati. Ine amene ndinaleredwa kuti kuyamikira kumaononga munthu, amene sindinalembepo mawu okometsa m'chidule chilichonse, ndinaonjezera mzere umodzi pansi: munthu wotere bungwe silingamupeze kawiri. Ndipo masamba akale aja ndinawamangirira kuseri, osamufunsa mwini wake. Bambo Amisse anawerenga zonse, anaimba kamluzu, n'kuika pepalalo m'dirowa yawo. Kwa Flávia anangotumiza masamba awiri ndi kalata.

Mayeso anachitikira pa nazale pomwepo, pansi pa chisakasa cha udzu. Onse asanu anapatsidwa dothi la m'nkhalango, mchenga, manyowa ndi timatumba. Achinyamata awiri anamuposa liwiro. Koma Flávia anakweza matumba a aliyense n'kuwagwedeza, ndipo a Jossias okha ndi amene dothi silinatitimire. Pa njere za msangu, zimene khungu lake liyenera kudulidwa pang'ono kuti madzi alowe, ena anadula mbali ya kamaso n'kupha njere. Iye anadula zonse kumbuyo, osayang'ana kawiri.

Flávia ndi wamtali, wolankhula mosazungulira, mwana wa asodzi a ku nyanja ya Amaramba. Atakhala naye pansi, sanafunse za maphunziro. Anati kalata waiwerenga, koma vuto lake ndi lina.

"Inu ndinu msinkhu wa bambo anga. Kwathu mwana satuma bambo ake kukatunga madzi. Ndidzakutumani bwanji?"

"Muzindiitana bambo, koma muzindituma," anayankha Jossias. "Ulemu ndi wa imvi, ntchito ndi ya nazale."

"Nanga ndikalamula zolakwika?"

"Ndidzakuuzani tili awiri. Mukati tichite zomwezo, ndidzachita."

"Ndipo mbande zikafa?"

"Ndidzakuthandizani kufesa zina."

Flávia anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati ayambe Lolemba, ndipo abwere ndi chipewa chifukwa dazi la bambo ake iye salipira. Wadazi pamenepo ndinali ine.

Miyezi imene inatsatira ndimaikumbukira ngati nyengo ya mango. Ntchito inkanditengera ku Itepela kamodzi pa mwezi, ndipo ndinkamupeza atakhala pa kampando kafupi pakati pa amayi odzaza matumba, mawondo ali m'mwamba, akukangana nawo za ndiwo. Ananenepa pang'ono. Manja ake anang'ambika, ndipo ankandionetsa ming'aluyo monga ena amaonetsera wotchi yatsopano. Masana tinkadya chinangwa chootcha pa mthunzi, tikukumbutsana za belu la ku Massangulo, za nyimbo za Chilatini zimene tinkaimba osadziwa tanthauzo, za tsiku limene tinaba malalanje osapsa n'kuulula tokha chifukwa cha m'mimba.

Vuto silinachokere kwa iye monga tinkaopera. Linachokera kwa anthu ena. Akanyamula wilibala, mayi Alinafe, mmodzi mwa odzaza matumba, ankathamanga kudzamulanda, ati manyazi agwera mudzi wonse agogo akamakankha manyowa. Iye ankagwiritsitsa zogwirira n'kunena kuti akamulanda wilibala amulandenso malipiro. Alimi ena anali atagwirapo ntchito m'minda ya paini, ndipo akafika ankamulambalala Flávia, n'kukavula zipewa pamaso pa munthu wamatope m'miyendo. Jossias ankawalonjera bwino, kufunsa za ana, kenaka n'kuloza ndi chibwano: shefe ndi awo, ine ndingokunyamulirani. Ankachita zimenezo kakhumi pa tsiku osatopa, mpaka alimi anazolowera.

Pa nthawi ina mbande za keshya zinayamba kuwola patsinde n'kumagwa mizere yathunthu. Flávia anali atalamula kuthirira kawiri pa tsiku chifukwa cha kutentha, pomwe udzu wa chisakasa unali wothithikana, mphepo osadutsa. Jossias anathirira monga analamulidwira madzulo amenewo. M'mawa anamutsatira ku chitsime, kopanda anthu, n'kumuuza zimene ankaganiza. Flávia anakaona yekha, anabwerera n'kulamula kuti udzu upatulidwe, matumba odwala achotsedwe, kuthirira kukhale kamodzi m'mawa. Palibe anadziwa kumene nzeruyo inachokera. Ine ndinamva kwa Flávia mwini wake, amene anaonjeza kuti wokalamba ameneyu akanakhala nsomba bwenzi atamuumitsa kuti asathe msanga.

Nyengo ziwiri za mbande zinadutsa chotero. M'chaka chachitatu kunabwera mwayi waukulu. Bungwe lina lothandiza linkafuna woti atsegule nazale zisanu ndi zitatu m'maboma atatu, ndipo opikisana ankayenera kuonetsa kurikulo ya munthu amene adzatsogolere ntchitoyo, wa zaka zosachepera khumi ndi zisanu pa utsogoleri. Flávia anali nazo zinayi. Bambo Amisse anatsegula dirowa.

Anatiitana tonse atatu ku Cuamba. Anayala masamba asanu ndi awiri aja patebulo, chidule changa chili pamwamba, nati Mulungu anatibisira chuma m'matope. Dzina la Jossias lilowa ngati mtsogoleri wa nazale zonse, Flávia akhala womutsatira, chatsala ndi siginecha yovomereza. Jossias anayang'ana mapepalawo, kenaka anandiyang'ana ine. Sanandidzudzule, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Kwa bambo Amisse anayankha mwaulemu kuti anafunsira ntchito ya wothandiza, ndipo ndi imene akuifuna. Iwo sanakwiye. Anati akumvetsa, koma aganizire anthu makumi asanu ndi limodzi amene angapeze ntchito, ndi mapiri a ku Ngauma amene akuyera chaka ndi chaka. Anati munthu wodziwa kuyendetsa sitima sangamangokhala n'kumapopa njinga anthu ali pa siteshoni. Sindinganene kuti ankalakwa. Anafika mpaka ponena kuti dzina lingokhala pa pepala, ntchito aziyendetsa Flávia. Jossias anati limenelo ndi bodza lomwe lija Davide anamukaniza, kungoti lavala jekete. Anagwirizana kuti aganize mpaka mbande za chaka chimenecho zitagawidwa.

Pa nthawi yonseyi Flávia ankawerenga. Ankadziwa kale kuti munthuyu anali shefe, poti masamba awiri aja sanabise. Koma mzere umodzi ndi wosiyana ndi tsamba lathunthu. Anafika pa tsamba lachisanu n'kuima. Kabuku ka ntchito ya nazale kotchulidwa pamenepo ndi kamene iye anaphunzirira ku sukulu, kamene ankakasunga m'chikwama mpaka chikuto chinathothoka. Pachikutopo panali dzina la kampani lokha.

"Bambo, ndinu munalemba?"

"Kalekale. Muli zolakwika zingapo."

"Ndipo ine ndakhala ndikukuwerengerani mokweza kuti muphunzire."

"Mumawerenga bwino, shefe."

Flávia sanaseke.

Nditapita ku Itepela mwezi wotsatira, ndinaona kusintha ndisanatsike pa njinga yamoto. Jossias atalowa pa chipata, Flávia anaimirira. Pa kampando kafupi paja panali mpando wa pulasitiki wokhala ndi chotsamira. M'mawa, m'malo monena za tsikulo, Flávia anafunsa kuti bambo akuona kuti tiyambe ndi chiyani. Iye anati shefe ndi amene anene. Flávia anati sangathe. Anaima choncho awiriwo, amayi akudikira ndi zitini m'manja, mpaka mayi Alinafe anati dzuwa silidikira ulemu, n'kuyamba kuthirira okha. Wilibala tsopano ankakankha ena, ndipo Flávia sankaletsa. Alimi anaona, n'kuyambiranso kuvula zipewa kumene ankavulira kale.

Ndinayesa kulankhula ndi Flávia. Anati si kuti wakhumudwa ndi za udindo. Iye mwini anapempha Jossias kuti avomere, chifukwa ndi woyenera. Koma pakamwa pake pakukana. Akafuna kunena kuti bambo tengani khasu, amakumbukira kuti mawu onse amene amadziwa za khasulo anawatenga kwa munthu yemweyo. Anandifunsa chifukwa chake sindinamuonetse zonse pachiyambi. Ndinati akanaona zonse sakanamutenga. Anavomera kuti n'zoona.

Kwa Jossias ndinapepesa madzulo ake, tikuyenda kupita kwa mlongo wake. Ndinati masamba aja ndinamangirira ndine, ndipo mzere uja ndinalemba ndine. Anati anauona, ndipo m'zaka makumi asanu n'koyamba kumva kuti ndimamuyesa munthu. Anayesa kuseka, koma kunali kuseka kwa munthu wotopa. Ndinamufunsa ngati sangavomere kwa zaka ziwiri zokha, aphunzitse Flávia, kenaka abwerere ku matumba ake. Anati ntchito za mabungwe othandiza zimakhala ndi tsiku lothera, ndipo tsikulo likafika pamafunika wina woimirira pa ngolo ndi mndandanda m'manja. Ndinati nanga angokana, akhale monga analili. Anaima mumsewu n'kundifunsa ngati ndaona wina womutuma lero.

Mvula inagwa bwino chaka chimenecho. Jossias anachepetsa madzi ndi mthunzi kuti mbande zilimbe zisanapite kumunda, anadulira mizu yotulukira pansi pa matumba, ndipo zonsezo anachita popanda womuuza, poti panalibenso womuuza. M'Januwale alimi anabwera ndi njinga ndi madengu, ndipo nazale inatsala mizere ya dothi lokhalokha. Sabata yomweyo anabweretsa makalata awiri ku ofesi. Yoyamba inali yosiya ntchito, yopereka masiku a chenjezo monga mwa pangano. Yachiwiri inali ya kwa bambo Amisse, yofotokoza mwatsatanetsatane zimene Flávia amatha ndi zimene akufunika kuphunzira, ndi maina a anthu awiri odziwa utsogoleri amene angafune udindowo ndi mtima wonse. Bambo Amisse anamuchonderera, ndipo atalephera anamugwira dzanja ndi manja awiri. Mmodzi mwa anthu awiri aja ndi amene analowa pa mapepala a mpikisano.

Ndinkaganiza kuti akhalabe kwa mlongo wake, azilima dimba. Koma mudzi wonse unali utamva kuti agogo a ku nazale anakana ukulu, ndipo anthu anayamba kufika pakhomo: ofuna kuti awalembere makalata, ofuna kuti akawalankhulire ku boma, a mpingo ofuna wapampando wa komiti yomanga. Masiku a chenjezo atatha, anabwera ku Cuamba ndi chikwama chimodzi. Anandipempha kuti ndimusindikizire masamba awiri aja, makope khumi, ndi kalata ya umboni yonena kuti anagwira ntchito ya wothandiza pa nazale kwa nyengo zitatu.

"Ulembe zimenezo zokha," anatero.

Ndinalemba zimenezo zokha, ndi masiku ake, n'kudinda. Ndinamufunsa kumene akupita. Anati kumene kuli nazale ndi shefe wosadziwa kuchita manyazi. Ndinafuna kumuperekeza, koma anati ndibwerere ku milu yanga.

Mlonda wa ofesi yathu akuti anamuona m'mawa mwake pa siteshoni, pa mzere wa matikiti a ku Nampula. Mlamu wa mayi Alinafe amalumbira kuti tsiku lomwelo anakwera naye shapa ya ku Mandimba, ndipo anatsika pafupi ndi malire. Mlongo wake akuti anangouzidwa kuti akafika adzaimba. Nambala imene ndinali nayo inasiya kulowa mwezi usanathe, ndipo kufikira lero palibe bungwe limene landiimbira kufunsa za munthu dzina lake Jossias Fanuel.